Lipoti la bimu ya chitsulo ndi konkire ku Kasungu: m'lifupi mwa silabu ndi chiwerengero cha masitadi

Nyumba yomwe ndikunena ili ku Kasungu boma, chakufupi ndi msewu wa M1. Ndi ya nsanjika imodzi: pansi pali sitolo ya zipangizo za ulimi, ndipo pamwamba mwini wake akufuna kusungirapo matumba a soya, mtedza ndi mbewu. Anakana zipilala pakati pa sitolo, choncho silabu ya pamwamba inayenera kukhala pa mabimu achitsulo odutsa kuchokera khoma lina kufika khoma lina. Ndinaitanidwa mabimu atakwezedwa kale, shatala ili mkati mokhomedwa, konkire asanathiridwe. Kapitawo wa pamalopo ndi amene anakayikira mapulani ataona kuti masitadi, tizitsulo towotchereredwa pamwamba pa bimu kuti tigwire silabu, atalikirana kwambiri poyerekeza ndi ntchito ina yomwe anagwirapo ku Lilongwe, ndipo mwini nyumba anavomera kuti wina awerengenso.

Zomwe ndinapeza

Mabimu alipo 6, iliyonse yotalika mamita 9 pakati pa pomwe yakhazikika, ndipo atalikirana mamita 3. Onse ndi UB 406x178x54 achitsulo cha S355. Bimu yotereyi ndi yakuya mamilimita 403, ndipo fulanji yake ndi yotambalala mamilimita 178, yokhuthala pafupifupi 11. Silabu ndi ya konkire yekhayekha, yokhuthala mamilimita 150, yothiridwa pa shatala ya matabwa yochirikizidwa ndi mapolo a bulugamu. Masitadi ndi a mutu, a mamilimita 19 kunenepa ndi 100 kutalika. Mapulani ankati masitadi 34 pa bimu iliyonse, mzere umodzi, ndipo kontilakitala anali atagula 204 ndendende.

Ndinawerenga motsatira Eurocode 4, yomwe ndi EN 1994-1-1 ya 2004. Ambiri mwa ife tinaphunzira ndi BS 5950, ndipo pa nkhani ya m'lifupi mwa silabu mabuku awiriwa sasiyana kwenikweni, koma ndinafuna buku limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Katundu wa pa silabu ndinamutenga 7.5 kN pa sikweya mita, monga mwa malo osungiramo zinthu. Kuphatikiza kulemera kwa silabu, sikilidi ndi bimu yomwe, kenaka kuchulukitsa ndi 1.35 pa zokhazikika ndi 1.5 pa katundu wobwera n'kuchoka, bimu iliyonse ikusenza pafupifupi 53.7 kN pa mita. Momenti ya pakati, kutanthauza mphamvu yopinda bimu pamenepo, ikutuluka 544 kNm. Chitsulo chokha, popanda thandizo la silabu, chingapirire 374 kNm basi. Ndiye kuti nyumbayi siingaime ndi katundu wake pokhapokha silabu ndi bimu zitagwira ntchito ngati chinthu chimodzi, ndipo zomwe zikuzimangirira pamodzi ndi masitadiwo.

Mukasanjikiza matabwa awiri osakhoma n'kuimapo pakati, lililonse limapinda palokha ndipo kumapeto mumaona lapamwamba litasereseka pa linzake. Mukawakhoma misomali, kuseresekako kumatha, ndipo amalimba kuposa mowirikiza. Silabu ndi bimu zimachita chimodzimodzi. Zikagwirana, konkire wa pamwamba amapanikizika, chitsulo cha pansi chimakokeka, ndipo mphamvu yonse yopanikiza konkireyo iyenera kudutsa m'masitadi. Palibe njira ina yomwe ingalowere m'silabu.

Silabu yomwe ikugwiradi ntchito ndi bimu

Amene anawerenga poyamba anatenga mamita 3 onse, kuchokera pakati pa mabimu awiri kufika pakati pa ena awiri, ngati silabu yothandiza bimu imodzi. Pa kusenza katundu zimenezo n'zoona: bimu iliyonse imalandira katundu wa mamita 3. Koma pa kuthandiza kupinda si choncho. Mphamvu imalowa m'silabu pamzere wa masitadi, n'kumafalikira m'mbali pang'onopang'ono. Konkire wa pamwamba pa bimu penipeni amapanikizika kwambiri, wa patali amatsalira, ndipo wa patali zedi sakudziwa n'komwe kuti bimu ikupinda. M'malo mowerenga kupanikizika kosiyanasiyanako, timatenga chigawo chochepa cha silabu n'kuchiyesa chopanikizika mofanana ponseponse. Lamulo lake ndi ili:

```
beff = b0 + be1 + be2
bei  = Le / 8   (≤ bi)
```

Apa b0 ndi mpata wa pakati pa mizere ya masitadi ngati ilipo iwiri. Ife tili ndi mzere umodzi, choncho ndi 0. Le ndi kutalika kwa chigawo cha bimu chomwe chapindira pansi. Pa bimu yongokhazikika mbali ziwiri ngati yathu, Le ndi mamita 9 onse. Ikanakhala yopitirira pamwamba pa chipilala, Le ikanachepa, kukhala 0.85 ya kutalika kwa chigawo chakumapeto kapena 0.70 ya chigawo chamkati, ndipo m'lifupi mukanachepa nawo. Ndipo bi ndi silabu yomwe ilipodi mbali imeneyo: theka la mpata wofika pa bimu yoyandikana nayo, kapena mtunda wofika pomwe silabu yathera.

Mamita 9 kugawa ndi 8 ndi mamita 1.125 mbali iliyonse. Silabu yomwe ilipo mbali iliyonse ndi mamita 1.5, ndiye timatenga chochepacho. M'lifupi mogwira ntchito ndi mamita 2.25, osati 3.

Chodabwitsa kwa kapitawo chinali chakuti cholakwa chimenechi, pa mabimu amkati, sichinawononge zambiri. Ndi konkire amene woyambayo anaganizira, mamita 3 akupereka momenti ya 790 kNm pomwe mamita 2.25 akupereka 766 kNm. Kusiyana kwake n'kochepa chifukwa silabu, ngakhale itachepetsedwa choncho, ikadali yamphamvu kuposa chitsulo. Chitsulo chonse chikakokeka mpaka kugonja chimapereka 2450 kN, ndipo silabu siingapanikizike kuposa momwe chitsulo chikukokera. Kutambalala kwa silabu kumangosintha pang'ono kuya kwa konkire amene akupanikizika. Ndinauza mwini nyumba kuti apa asataye tulo. M'lifupimu mudzativuta pamalo ena, ndifikapo.

Konkire wake ndi uti?

Mapulani analemba kuti konkire akhale wa 25. Woyambayo ankatanthauza C25/30, pomwe nambala yoyamba ndi mphamvu ya silinda ndipo yachiwiri ndi ya kiyubu. Pamalo antchito kuno, munthu akamva giredi 25 amadziwa kuti kiyubu iphwanyike pa 25. Kontilakitala anakonza muyeso wa simenti, mchenga ndi kware kuti makiyubu afike 25, ndipo makiyubu oyeserera omwe anali atatumizidwa ku labotale anasonyeza kuti afikadi pamenepo, koma osati pa 30. Kiyubu ya 25 ndi C20/25. Konkire amene akubwera ndi wofewa ndi sitepe imodzi kuposa amene anawerengedwa.

Tikanatha kulamula kuti awonjezere simenti. Koma konkireyo akusakanizidwa ndi mikisala yaing'ono pamalo pomwepo, kuyeza ndi mabokosi, m'nyengo yotentha ya Okutobala pamene anyamata amakonda kuwonjezera madzi kuti wilibala iyende mosavuta. Ndinaona kuti n'kwanzeru kuwerenga ndi konkire amene tingamupezedi tsiku lililonse, kusiyana n'kudalira amene tingamupeze tsiku labwino lokha. Ndinatenga C20/25. Dziwani kuti ameneyu ndi wotsikitsitsa amene Eurocode 4 imalola pa ntchito yotere. Kutsika apa, malamulo ake sagwiranso.

Izi zimakhudza masitadi mwachindunji. Sitadi ingagonje m'njira ziwiri: chitsulo chake kuduka, kapena konkire wa patsinde pake kuphwanyika. Timawerenga zonse n'kutenga yochepa:

```
PRd = 0.8 fu (π d² / 4) / 1.25
PRd = 0.29 α d² √(fck Ecm) / 1.25
```

Ya chitsulo, fu ikakhala 450, ikupereka 81.7 kN. Ya konkire, popeza sitadi yathu ndi yaitali kuposa kanayi kunenepa kwake ndipo α ndi 1, ikupereka 73.7 kN mu C25/30, koma 64.9 kN yokha mu C20/25. Ndiye kuti sitadi iliyonse yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a mphamvu yake chifukwa cha kusamvana pa nambala imodzi.

Komwe 34 anachokera

Nditagawa 2450 kN ndi 73.7 kN ndinapeza 33.2, kukwezera m'mwamba 34. Apa ndipomwe ndinazindikira chomwe chinachitika. Masamuwo anali olondola, koma yankho linaikidwa pa bimu yonse. Mphamvu ya 2450 kN imapezeka pakati pa bimu, pomwe momenti ndi yaikulu, ndipo kumapeto kwa bimu mphamvuyo ndi 0. Iyenera kukwera kuchokera pa 0 kufika pa 2450 kN m'kati mwa mamita 4.5 oyamba, kenaka kutsikanso m'mamita 4.5 otsala. Masitadi a kumanzere sathandiza a kumanja. Amakankhidwira mbali zosiyana. Choncho 34 ndi a theka limodzi lokha, ndipo bimu yonse inkafunika 68. Ndi konkire wathu weniweni, 2450 kugawa ndi 64.9 ndi 37.8, kutanthauza 38 pa theka, 76 pa bimu.

Kapitawo atamva 76 anagwira m'mutu. "Ainjiniya, ndiye kuti tagula osafika ndi theka lomwe?" Ndinawayankha kuti, "Akapitawo, musathamange, 76 ndi okwanira kuti chitsulo chonse chigwiritsidwe ntchito mpaka mapeto ake. Ife sitikufuna mapeto akewo."

Zili choncho chifukwa masitadi 76 akupereka momenti ya 743 kNm mu C20/25, pomwe tikufuna 544 kNm. Buku limalola kuika masitadi ochepa, malinga akhale a mtundu wopindika asanaduke, monga a mutu a mamilimita 16 mpaka 25 otalika kanayi kunenepa kwawo. Chiwerengero chomwe mwaika mukachigawa ndi chokwanira chija mumapeza η, ndipo njira yosavuta, yomwenso imasiya kampata kachitetezo, ndi kujambula mzere wowongoka pakati pa chitsulo chokha ndi bimu yogwirana kotheratu:

```
MRd = Mpl,a,Rd + η (Mpl,Rd − Mpl,a,Rd)
η ≥ 1 − (355 / fy)(0.75 − 0.03 Le),   η ≥ 0.4
```

Mzere wachiwiriwo ndi malire omwe anthu ambiri amawaiwala. Masitadi akachepa, silabu imasereseka pa chitsulo, ndipo kuseresekako kumakula kwambiri kumapeto kwa bimu. Bimu ikatalika, kuseresekako kumakulanso, mpaka sitadi yakumapeto imaduka momenti isanafike pomwe mwawerenga. Ikaduka imodzi, katundu wake amagwera yotsatira, ndipo zimatha kutsatizana mwadzidzidzi. Pa bimu ya mamita 9 ya S355 yokhala ndi mafulanji ofanana, η isachepere 0.52.

Tsopano tiyese 34 a pa mapulani aja. Pa theka pali 17. Kuchulukitsa ndi 64.9 kN tikupeza 1103 kN, ndipo η ndi 0.45. Yalephera malire a 0.52. Momenti yake ndi 374 kuwonjezera 0.45 ya 369, yomwe ndi 540 kNm, yoperewera pang'ono pa 544. Pa momenti pokha munthu akanatha kukangana nane kuti kusiyana kwa 4 kNm si kanthu, ndipo njira yowerengera mwatsatanetsatane ikanamuthandiza. Koma malire a kusereseka sakambirana. Chochepetsetsa chovomerezeka ndi 0.52 ya 37.8, kutanthauza masitadi 20 pa theka, 40 pa bimu, omwe akupereka 570 kNm.

Bimu ya pambali pa chibowo

Ndikuyendera shatala ndinaona bokosi la matabwa lomwe silinali pa mapulani. Mwini nyumba anali atapempha chibowo cha mamita 2 m'litali ndi 1.2 m'lifupi chokwezera matumba ndi chingwe, ndipo anachiika pakati penipeni pa chipinda kuti ngolo izifika pansi pake. M'mphepete mwa chibowocho munali mamilimita 150 okha kuchokera pakati pa bimu yachitatu, ndipo chinagwa pomwe momenti ndi yaikulu.

Apa ndipomwe m'lifupi muja munayamba kulamula. Mbali imodzi bimu ikadali ndi mamita 1.125, koma mbali ya chibowo ili ndi 0.15 basi. Zonse pamodzi mamita 1.275. Wina angati chibowocho n'chachifupi, mphamvu ingazungulire, koma pamalo pomwe tikudula bimu m'maganizo kuti tiwerenge, konkire kulibe, ndipo chomwe kulibe sichingapanikizike. Konkire wa C20/25 timamuwerenga pa 0.85 ya 20 kugawa ndi 1.5, yomwe ndi 11.3 N pa sikweya milimita. Kuchulukitsa ndi 1275 ndi 150 tikupeza 2167 kN. Tsopano silabu ndi yofooka kuposa chitsulo cha 2450 kN. Silabu yonse ikupanikizika kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo kachigawo ka fulanji ya pamwamba kakupanikizika nawo kuti zikwanirane. Momenti yokwanira yatsika kufika pa 655 kNm.

Pali chinthu pano chomwe chimasokoneza anthu. Popeza silabu ndi imene ikulamula, masitadi okwanira kotheratu achepa: 2167 kugawa ndi 64.9 ndi 33.4, kutanthauza 34 pa theka m'malo mwa 38. Munthu wosasamala anganene kuti bimu ya pa chibowo ikufuna masitadi ochepa. Koma denga lake latsika, ndipo kuti tifike pa momenti yomwe ija tiyenera kukwera pafupi ndi dengalo. Ndinasiya momenti pa 544 kNm, chifukwa katundu amene wachoka pa chibowo akubwereranso kudzera m'timabimu tochirikiza m'mphepete mwake, komanso matumba amaunjikana pomwepo akangokwezedwa. Ndiye η yofunika ndi 170 kugawa ndi 281, yomwe ndi 0.61, kutanthauza masitadi 21 pa theka. Bimu yomwe inkaoneka ngati ikufuna ochepa ndi imene ikufuna ambiri kuposa zinzake, ndipo masitadi 20 omwe akukwanira pa mabimu ena pano sakukwanira.

M'mphepete momwemo muli vuto lina. Sitadi ikamakankha konkire pafupi ndi pomwe silabu yathera, konkireyo amatha kung'ambika motsata mzere wa masitadi, chidutswa cha kunja n'kupatuka. Buku limati mtunda wochokera pa sitadi kufika m'mphepete ukachepera mamilimita 300, paikidwe zitsulo zopindidwa ngati U zozungulira masitadi, zonenepa osachepera theka la sitadi, ndipo mtundawo usachepere kasanu n'kamodzi kunenepa kwa sitadi. Kwa ife ndi mamilimita 114, ndipo tili ndi 150. Tinaika Y10 yopindidwa pa sitadi iliyonse m'litali monse mwa chibowo ndi kupitirirako pang'ono mbali zonse, yotsika pansi momwe ingathere, miyendo yake yolowa m'silabu ya mbali inayo.

Ndinafunsa ngati chibowocho chingasunthe kupita chakukhoma, komwe momenti ndi yochepa. Mwini nyumba anati, "Bwana injiniya, kumeneko ndiye kuli kauntala, ngolo siingafike." Masamu analola kuti chikhale pomwe chili, ndiye ndinachisiya.

Chiwerengero chomwe tinasankha

Sindinapereke 40 kapena 42. Ndinalemba masitadi 52 pa bimu iliyonse, 26 pa theka, otalikirana mamilimita 170, mabimu onse 6 mofanana. Pa mabimu amkati η ndi 0.69 ndipo momenti ndi 628 kNm; pa bimu ya chibowo η ndi 0.78 ndipo momenti ndi 593 kNm. Mpata wa 170 uli bwino pakati pa malire: usachepere kasanu kunenepa kwa sitadi, komwe ndi 95, ndipo usapose 800. Kuwayala mofanana kuyambira kumapeto mpaka kumapeto n'kololedwa chifukwa katundu ndi wofalikira, masitadi ndi opindika, ndipo momenti ya bimu yogwirana siikuposa ya chitsulo chokha kokwana 2.5, yathu ikungowirikiza kawiri. Anafunika kugula masitadi 108 owonjezera ndi ena apadera oyesera.

Chifukwa choyamba chopyolera pa chochepetsetsa ndi kawotcheredwe. Mphamvu ya 64.9 kN ija imaganiza kuti sitadi yawotchereredwa ndi mfuti yake, motsatira EN ISO 14555, yomwe imasungunula tsinde lonse nthawi imodzi. Mfuti imeneyo imafuna magetsi amphamvu kwambiri, ndipo pamalopo panalibe mfuti ngakhale jenereta yoti n'kuikoka. Tinayenera kuwotcherera pamanja. Chifukwa chachiwiri ndi katundu. M'nyumba yosungiramo mbewu palibe amene amaima pakhomo kuwerenga makilogalamu nyengo yogula soya ikafika. Ndipo kulemba nambala imodzi pa mabimu onse kunachotsa mwayi woti wina asokoneze bimu yachitatu ndi yachinayi.

Kontilakitala anapempha kuti pa 108 operewerawo adule zidutswa za Y16 zomwe zinalipo kale n'kuziwotcherera choimirira. Ndinakana. Mutu wa sitadi si wokongoletsa: ndi umene umagwira silabu kuti isanyamuke pa chitsulo pamene sitadi ikupindika, ndipo chidutswa chopanda mutu chimasolola. Komanso zitsulo za m'konkire si zonse zomwe zimawotchereka bwino, ndipo ndinalibe nambala yodalirika yoti ndiwerengere mphamvu ya chidutswa chotero. Ntchito inadikira mpaka masitadi enieni atafika kuchokera ku Lilongwe.

Kuwotcherera ndi kuyesa

Mabimu anabwera atapakidwa penti yofiira ponseponse, pamwamba pa fulanji pomwe. Tinaipala ndi galainda mpaka chitsulo kuwala pamzere wonse wa masitadi. Pansi pa sitadi iliyonse pamakhala kampira kakang'ono kothandiza mfuti. Tinakapala kuti sitadi ikhale mosagwedera pa fulanji. Wowotcherera anagwiritsa ntchito ndodo za E7018 zouma, zosungidwa motentha, ndipo anazungulira tsinde lonse ndi msoko wa mamilimita 8, osasiya mpata pomwe wayambira ndi pomwe wathera.

Tsiku lililonse asanayambe pa bimu, ankawotcherera masitadi awiri pa chidutswa cha chitsulo chokhuthala ngati fulanji, ndipo tinkawamenya ndi hamala mpaka atapendekeka madigiri 30. Msoko wabwino umalola sitadi kupinda popanda mng'alu. Pa bimu penipeni, kapitawo ankagogoda sitadi iliyonse ndi hamala. Yogwira bwino imalira mokweza ndipo kulirako kumayenda m'bimu monse. Yosagwira imangoti phu, ngati mwamenya thabwa lonyowa. Iliyonse yokayikitsa, ndi zina zongosankha, tinkazipinda madigiri 15 cholozera kumapeto kwa bimu kwapafupi. Yopirira tinkaisiya chopendekeka chomwecho, chifukwa kuiwongola n'komwe kumaifooketsa. Pa bimu yoyamba zingapo zinathothoka, ndipo pansi pake panaoneka penti yopsa: mnyamata wa galainda ankangopala pomwe pali chizindikiro cha choko, msoko n'kufika pa penti. Atayamba kupala mzere wonse, sizinachitikenso.

Zitsulo za m'silabu ndi mapolo

Masitadi 52 akukankha konkire ndi mphamvu ya pafupifupi 380 kN pa mita iliyonse ya bimu, ndipo mphamvuyo imafalikira m'mbali kudzera m'zitsulo zopingasa bimu. Popanda zimenezi, mamita 2.25 aja ndi a papepala chabe, chifukwa silabu ingang'ambike motsata bimu n'kusiya kamzere kakang'ono ka konkire kakugwira kokha. Womanga zitsulo anali atadula Y10 za pansi kuti zizithera pa fulanji mbali iyi ndi mbali iyo, monga amachitira pa khoma. Tinazisintha kuti zidutse pamwamba pa bimu osaduka, pa mpata wa mamilimita 200, pansi pa mitu ya masitadi. Mutu uyenera kukhala osachepera mamilimita 30 pamwamba pa zitsulo za pansizo kuti ukhale ndi choukoka; ife tinali ndi pafupifupi 50. Za pamwamba, zomwe zimagwira silabu ikamapindikira pa bimu, zinalipo kale ndipo zikuthandiza nawo.

Mapolo a shatala ankaima pansi pa sitolo, ndipo tinaikanso ena pansi pa bimu iliyonse, kuti chitsulo chisasenze konkire wamadzi chokha. Izi zikutanthauza kuti mapolo akachoka, kulemera konse kumagwera pa bimu yogwirana, ndipo konkire amapitiriza kufinyika pang'onopang'ono kwa zaka. Popeza katundu wa muno amakhalitsa, ndinawerenga kutsika kwa bimu ndi konkire wofewa katatu kuposa wa tsiku loyamba, ndipo ndinapeza mamilimita 26 pakati, pomwe malire omwe ndinatenga, kutalika kugawa ndi 250, ndi 36. Kusereseka sindinakuwonjezere m'masamuwo chifukwa η yaposa 0.5. Ndi masitadi 34 aja sindikanaloledwa kukunyalanyaza.

Konkire anathiridwa m'mamawa, vaibureta ikudutsa mosamala mozungulira masitadi, chifukwa konkire wa patsinde pa sitadi ndi amene amasenza mphamvu yambiri ndipo chisa cha mabowo pamenepo chimachotsa zonse zomwe tawerenga. Silabu inafunditsidwa masaka onyowa ndi kuthiriridwa madzi sabata yonse. Makiyubu a masiku 28 anapyola 25 onse, ndipo mapolo a pansi pa mabimu anachotsedwa zotsatirazo zitabwera, kuyambira pakati kupita kumapeto. Tinayeza ndi levulo mapolo asanachoke ndi atachoka: mabimu anatsika mamilimita 7 mpaka 9, ndipo yachitatu ndi imene inatsika kwambiri, monga tinkayembekezera. Kumapeto kwa mabimu, pomwe fulanji yakumana ndi konkire, sipanaoneke mng'alu kapena fumbi losonyeza kusereseka, ndipo pamwamba pa silabu panalibe mng'alu wotsata mzere wa masitadi. Malo awiri amenewa ndi omwe ndapempha kuti aziyang'anidwa nyengo yoyamba yosunga mbewu.

Chotsala ndi malire a katundu. 7.5 kN pa sikweya mita ndi pafupifupi makilogalamu 750, kapena matumba 15 a makilogalamu 50. Thumba logona limatenga pafupifupi theka la sikweya mita, choncho mulu usapose matumba 7 kupita m'mwamba. Tinajambula mzere wofiira pakhoma pa msinkhu umenewo kuzungulira chipinda chonse, ndipo ndinalemba m'kalata yopereka ntchito kuti feteleza azisungidwa pansi, komanso kuti pasabooledwe chibowo china chilichonse m'kati mwa mamita 1.125 kuchokera pakati pa bimu iliyonse popanda kuwerenganso.